Dividendi kapena P/E: muyambe ndi nambala iti musanagule sheya?

Mphwanga anabwera ndi foni m'manja atatsegula mndandanda wa makampani a pamsika wa masheya. Anali atausanja kuti makampani opereka dividendi yaikulu, kutanthauza gawo la phindu limene kampani imagawira eni masheya, akhale pamwamba, ndipo chala chake chinali pamzere woyamba. "Achimwene, taonani iyi. Ikupereka 12 peresenti pachaka, pamene enawa akungopereka 3 kapena 4. Pali chodikira apa?" Ndinamupempha kuti andionetse mmene mtengo wa sheyayo wayendera chaka chonse. Anasuntha chala, tchati chinatuluka, ndipo mzere wake unkangotsetsereka kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Mtengo unali utagwa ndi theka. Nambala imene inamukopayo inakula chifukwa cha kugwa komweko.

Munthu woyamba kumene amakumana ndi nambala ziwiri pafupifupi paliponse pamene alemba za masheya: peresenti ya dividendi ndi P/E, imene imayerekeza mtengo wa sheya ndi phindu la kampani. Ena amasankha sheya poyang'ana yoyambayo, ena amakhulupirira yachiwiriyo, ndipo ochepa amaziphatikiza n'kupitirira kukafufuza ngati ndalama zenizeni zilipo. Njira zimenezi sizifanana mphamvu, ndipo iliyonse ili ndi malo ake pamene imanamiza munthu. Ndizionetsa pogwiritsa ntchito makampani anayi ongoyerekeza: yopanga sopo, ya masitolo, ya mgodi, ndi yopanga mapulogalamu a kompyuta. Manambala awo ndawakonza ndekha kuti kuwerengera kusavute, ndipo sindikutchula mtundu wa ndalama chifukwa masamu ake ndi amodzimodzi kulikonse.

Kumene manambalawa amachokera

Zonse zimayambira pa phindu. Kampani ikagulitsa katundu wake, n'kulipira antchito, zipangizo, chiwongoladzanja cha ngongole ndi msonkho, chotsalacho ndi cha eni masheya. Tinene kuti kampani ya sopo yatsala ndi 800 miliyoni chaka chino, ndipo ili ndi masheya 100 miliyoni. Sheya iliyonse yapindula 8. Nambala imeneyi mudzaipeza m'lipoti la pachaka kumunsi kwa tsamba la phindu, ndipo pamawebusaiti amailemba kuti `EPS`.

Koma 8 ameneyu salowa yense m'thumba mwanu. Bodi ya kampani imakhala pansi n'kugamula kuti eni masheya apatsidwe zingati, ndipo zingati zitsale zogulira makina, kubweza ngongole kapena kutsegula fakitale ina. Gawo limene lagawidwalo ndiye dividendi. Bodi ya kampani ya sopo yasankha kupereka 4.8 pa sheya, n'kusunga 3.2. Pamsika sheya imodzi ikugulidwa 120.

Manambala atatu amenewa, 120, 8 ndi 4.8, ndi okwanira kutulutsa zonse zimene tikambirane.

Njira yoyamba: kuyang'ana peresenti ya dividendi

```
Dividend yield = dividendi ya pachaka ÷ mtengo wa sheya × 100
4.8 ÷ 120 × 100 = 4
```

Mukagula sheya ya sopo pa 120, mumalandira 4 peresenti ya ndalama zanu chaka chilichonse, malinga ngati kampaniyo ipitiriza kupereka zomwezo. Ubwino wa njirayi ndi waukulu ndipo sindikufuna kuuchepetsa. Dividendi ndi ndalama zimene zimafikadi mu akaunti yanu. Phindu lolembedwa m'lipoti limadalira mmene akauntanti awerengera zinthu zambiri, ndipo nthawi zina limakometseredwa, koma ndalama imene yalowa kubanki yanu siingakometseredwe. Kampani imene yakhala ikupereka dividendi zaka 15 osadumphitsa, n'kumaikweza pang'onopang'ono, yakuuzani kanthu kena ka mmene bizinesi yake ilili kamene tsamba limodzi la lipoti silingakuuzeni.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amachiphunzira mochedwa. Dividendi si mphatso yoonjezera pamwamba pa sheya yanu. Ndi ndalama za kampani zimene zatuluka m'kampanimo, ndiye kampaniyo imachepa mtengo ndi ndalama zomwezo. Dividendi ikalengezedwa pamakhala tsiku lodulira, limene pamakompyuta limalembedwa kuti `Ex-dividend date`. Wogula sheya kuyambira tsiku limenelo salandira nawo dividendiyo, imapita kwa amene wagulitsa. N'chifukwa chake mtengo umatsegula utatsika ndi pafupifupi kuchuluka kwa dividendiyo. Ngati kampani ya sopo imapereka kawiri pachaka, 2.4 ulendo uliwonse, sheya ya 120 imayamba tsikulo cha m'ma 117.6, kupatula ngati pali nkhani ina imene yagwedeza msika. Amene amathamangira kugula mawa lake likhale tsiku lodulira, kuti alandire dividendi n'kugulitsa, amapeza kuti zimene alandira kudzanja lamanja zachoka kudzanja lamanzere, ndipo pamwamba pake alipira wowagulira masheya kawiri, ndiponso msonkho ngati dziko lawo limadula msonkho pa dividendi.

Vuto lalikulu la njirayi ndi limene mphwanga anakumana nalo. Peresenti ya dividendi imakwera m'njira ziwiri: dividendi ikakwera, kapena mtengo ukagwa. Pamndandanda wa pafoni njira ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi. Taonani kampani ya masitolo. Chaka chatha sheya yake inali 100 ndipo inkapereka 6, kutanthauza 6 peresenti. Makasitomala ayamba kuchepa, anthu amene amaitsatira kampaniyo agulitsa masheya awo, mtengo wafika pa 50. Dividendi yomaliza kuperekedwa ikadali 6, ndiye kompyuta ikulemba 12 peresenti. Kompyutayo siinalakwitse masamu. Yangogawa dividendi ya dzulo ndi mtengo wa lero. Koma ogulitsa aja agulitsa chifukwa sakukhulupirira kuti 6 adzaperekedwanso. Bodi ikadula dividendi kufika pa 2, amene anagula pa 50 akulandira 4 peresenti, ndipo kawirikawiri mtengo umagwanso tsiku la chilengezocho, chifukwa onse amene anabwerera dividendi amatulukira khomo limodzi.

Musaganize kuti izi zimachitikira makampani ang'onoang'ono okha. Kampani ya mafuta ya Royal Dutch Shell inali isanadulepo dividendi yake chiyambire nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo anthu ambiri opuma pantchito ankaidalira ngati malipiro. Mu Epulo 2020, mtengo wa mafuta utagwa chifukwa cha mliri wa korona, inadula dividendi ya miyezi itatu iliyonse kuchoka pa masenti 47 a dola ya ku America kufika pa 16. Dividendi si ngongole imene kampani ili nayo kwa inu. Chiwongoladzanja cha banki kampani imakakamizika kulipira, koma dividendi bodi ikhoza kuiimitsa nthawi iliyonse ikaona kuti zinthu zavuta.

Njirayi imalepheranso kumbali inayo: siiona makampani osapereka dividendi. Berkshire Hathaway, chiyambire pamene Warren Buffett anayamba kuiyendetsa mu 1965, inapereka dividendi kamodzi kokha, mu 1967. Phindu lonse linkabwerera m'bizinesi, ndipo eni masheya anapindula kudzera m'kukwera kwa mtengo. Pamndandanda wa mphwanga uja kampani yotere ikanakhala pansi penipeni, pa ziro.

Njira yachiwiri: kuyang'ana P/E

```
P/E = mtengo wa sheya ÷ EPS
120 ÷ 8 = 15
```

P/E imayankha funso lina: kodi mukulipira zingati kuti mugule 1 wa phindu la pachaka? Pa kampani ya sopo mukulipira 15. Mwa kunena kwina, phindu likanati lisasinthe, pakanatenga zaka 15 kuti kampaniyo ipindule ndalama zofanana ndi zimene mwalipira. Apa P/E ikuposa peresenti ya dividendi, chifukwa ikuwerengera phindu lonse, logawidwa ndi losungidwa lomwe. Imakuchotsaninso maganizo akuti sheya ya 20 ndi yotchipa kuposa ya 2,000. Mtengo wa sheya pawokha sunena kanthu, chifukwa umadalira kuti kampaniyo yadulidwa m'zidutswa zingati.

Ine ndimakonda kuitembenuza nambalayi. Gawani 100 ndi P/E, mupeza peresenti ya phindu pa ndalama zanu: 100 kugawa ndi 15 ndi pafupifupi 6.7 peresenti. Tsopano muli ndi nambala imene mungaiyerekeze ndi chiwongoladzanja chimene boma limapereka kwa amene alikongoza ndalama, kapena chimene banki imapereka pa ndalama zosungitsa. Ngati kumene muliko boma likupereka 3 peresenti, 6.7 ya kampani imene phindu lake likukula ndi yabwino ndithu. Ngati boma likupereka 15, P/E ya 15 ndi yokwera mtengo kwambiri, pokhapokha phindu la kampaniyo likukula mofulumira kuposa mmene mitengo ya zinthu ikukwerera. Ichi n'chifukwa chake palibe P/E imodzi imene ndi "yabwino" kulikonse, ndipo amene amakuuzani kuti gulani chilichonse cha pansi pa 10 wakupatsani lamulo lopanda mizu.

Mavuto a P/E onse ali kumunsi kwa masamuwo, pa phindu. Mtengo ndi woona, aliyense akuuona. Phindu ndi limene liyenera kufunsidwa mafunso.

Tibwerere ku masitolo aja. Lipoti likuti phindu pa sheya ndi 10, mtengo ndi 50, ndiye P/E ndi 5. Peresenti ya dividendi 12, P/E 5: manambala onse awiri akuoneka ngati akuvomerezana kuti apa pali mwayi. Koma tsegulani lipotilo, mudutse masamba a zithunzi ndi uthenga wa wapampando, mufike pa tsamba la phindu. Pakati pa mizere pali umodzi wonena za phindu lopezeka pogulitsa nyumba, ndipo pambali pake pali kanambala kakang'ono kokutumizani ku ndemanga za kumapeto. Ndemangayo ikuti kampaniyo inagulitsa nyumba ya likulu lake. Pa 10 uja, 6 wachokera kumeneko. Kugulitsa katundu m'masitolo kwabweretsa 4 yekha. Nyumba imagulitsidwa kamodzi, chaka chamawa sidzakhalaponso yoti igulitsidwe. P/E yeniyeni ndi 50 kugawa ndi 4, imene ndi 12.5, ndipo ndi ya bizinesi imene ikuchepa. Kufufuza kumeneku kumatenga mphindi khumi, ndipo ndikuona kuti ndi mphindi khumi zaphindu kwambiri zimene munthu woyamba angathere pa lipoti lililonse.

Kampani ya mgodi ili ndi msampha wina, wobisika kuposa uwu chifukwa m'lipoti mulibe chachilendo chilichonse. Sheya ndi 60, phindu pa sheya ndi 12, P/E ndi 5. Phindulo ndi lenileni, lachokera pogulitsa miyala ya mumgodi. Koma yang'anani zaka zisanu zapitazi: 2, kenako kuluza 1, kenako 3, 4, ndi 12 wa chaka chino. Mtengo wa miyalayo pamsika wa padziko lonse unakwera kwambiri chaka chino, pamene ndalama zokumbira sizinasinthe kwenikweni, ndiye phindu linalumpha. Mitengo ya zinthu zokumbidwa imakwera ndi kutsika, chifukwa ikakwera migodi ina imatsegulidwa, katundu amachuluka, mtengo n'kugwanso. Mukaphatikiza zaka zisanuzo mupeza 20, kugawa ndi 5 ndi 4 pachaka. Pa phindu la 4, P/E ndi 15, yofanana ndi ya sopo, koma pa bizinesi imene imagwedezeka kwambiri kuposa sopo.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza ngakhale anthu amene akhala pamsika zaka zingapo. Makampani a migodi, a zitsulo, a sitima zapamadzi zonyamula katundu ndi ena otere amaoneka otchipa kwambiri pa P/E nthawi imene phindu lawo lafika pachimake, pamene kutsika kuli pafupi. Amaoneka odula, kapena P/E imasowa n'komwe, nthawi imene zinthu zafika pansi. Mankhwala ake ndi omwe tachitawa: gwiritsani ntchito phindu la zaka zingapo, osati chaka chimodzi. Katswiri wa zachuma Robert Shiller wa ku yunivesite ya Yale anatchuka ndi njira yoyezera msika wonse pogwiritsa ntchito phindu la zaka 10, atalikonza molingana ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu. Inu simukufunika kufika pamenepo. Zaka zisanu zolembedwa papepala ndi pensulo zimakuonetsani kale ngati chaka chino ndi chachilendo.

Nanga P/E yaikulu? Kampani ya mapulogalamu ikugulidwa 200, phindu pa sheya ndi 5, P/E ndi 40, ndipo siipereka dividendi. Woyang'ana dividendi saiona, woyang'ana P/E yotsika amaithawa. Koma P/E ya 40 ikutanthauza kuti ogula akuyembekezera kuti phindu likula kwambiri, ndipo funso ndi lakuti likule bwanji kuti mtengowo ukhale woyenera. Tiwerengere. Phindu likamakula 25 peresenti chaka chilichonse, pakatha zaka zisanu 5 uja amafika pafupifupi 15.3. Tinene kuti nthawi imeneyo kampaniyo yakhwima ndipo msika ukuilipira P/E ya 20. Sheya idzakhala cha m'ma 305, ndipo wogula pa 200 wapindula bwino. Koma phindu likamakula 10 peresenti yokha, limafika pafupifupi 8, ndipo pa P/E ya 20 sheya ndi cha m'ma 160. Taonani bwino pamenepa: kampani yachita bwino, phindu lake lakwera ndi 60 peresenti, koma mwini sheya waluza gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zake atadikira zaka zisanu.

Zoterezi zinachitikadi. Mu Malichi 2000, kampani ya Cisco, yopanga zipangizo zoyendetsera intaneti, inakhala kwa kanthawi kampani yamtengo wapatali kuposa ina iliyonse padziko, P/E yake itapitirira 100. Pofika kumapeto kwa 2002 mtengo wa sheya unali utagwa ndi zoposa 80 peresenti. Intaneti inakuladi monga ankanenera, Cisco inapitiriza kugulitsa ndipo phindu lake linakula kangapo, koma patatha zaka 20 mtengo wa sheya unali usanabwerere pamene unali mu 2000. Ogula sanalakwitse posankha kampani. Analipira mtengo umene unali utawerengeratu kukula kwa zaka zambiri zam'tsogolo.

Zinthu ziwiri zazing'ono zoti muzidziwe mukamawerenga P/E pakompyuta. Ina imawerengedwa ndi phindu la miyezi 12 yapitayi, ina ndi phindu limene akatswiri akuganiza kuti lidzapezeka chaka chamawa. Yachiwiriyi kawirikawiri imaoneka yotsika chifukwa oyerekeza amakonda kuyembekezera kukula, ndiye musayerekeze makampani awiri musanatsimikize kuti mukugwiritsa ntchito mtundu umodzi. Ndipo kampani ikaluza, P/E ilibe tanthauzo. Mudzaona kamzere kapena `N/A` pamalo pake.

Njira yachitatu: kuziphatikiza kudzera pa gawo logawidwa

Imeneyi ndi imene ndimalimbikitsa, ndipo imangofuna nambala imodzi yoonjezera: kodi ndi gawo lanji la phindu limene likuperekedwa ngati dividendi?

```
Payout ratio = dividendi ÷ EPS × 100
4.8 ÷ 8 × 100 = 60
Dividend yield = Payout ratio ÷ P/E
60 ÷ 15 = 4
```

Mzere wachitatuwo ukuonetsa kuti manambala awiri aja si alendo, ndi a mimba imodzi. Peresenti ya dividendi ingakhale yaikulu pa zifukwa ziwiri zokha: mwina P/E ndi yotsika, kapena kampani ikugawa gawo lalikulu la phindu lake. Ndiye mukaona 10 kapena 12 peresenti, muli ndi mafunso awiri omveka bwino oti mufunse. Ngati chifukwa chake ndi P/E yotsika, msika ukuopa chiyani? Ngati ndi kugawa kwambiri, chatsala n'chiyani choti bizinesi ipitirire nacho?

Kampani ya sopo ikugawa 60 peresenti. Phindu litatsika kuchoka pa 8 kufika pa 6, dividendi ya 4.8 ikhoza kuperekedwabe popanda kukongola. Pali mpata wopumira. Kampani ya masitolo, mukatenga phindu la m'lipoti la 10, ikuonekanso ngati ikugawa 60 peresenti. Mukachotsa nyumba ija, ikupereka 6 pa phindu la 4, kutanthauza 150 peresenti. Ikugawa zambiri kuposa zimene ikupeza, ndipo palibe kampani imene ingachite zimenezi kwa zaka zambiri. Kampani ya mgodi ikupereka 6 pa phindu la 12, theka lokha, ndipo peresenti ya dividendi ndi 10. Zikuoneka zabwino mpaka mutakumbukira kuti phindu la chaka wamba ndi 4. Dividendi ya 6 ndi ya chaka cha zokolola zambiri, ndipo ndi nzeru kuiwerengera ngati ya chaka chimenecho chokha.

Gawo losungidwa lija nalo lili ndi funso lake, limene anthu okonda dividendi amaliiwala. Pa sheya ya sopo, 3.2 watsala m'kampani, ndipo ndi wanu ndithu. Kodi akugwira ntchito? Njira yosavuta yodziwira ndi kuyang'ana phindu pa sheya kwa zaka zisanu kapena khumi. Ngati kampani yakhala ikusunga 40 peresenti ya phindu chaka ndi chaka koma phindu pa sheya silikusuntha, ndalama zosungidwazo zikumira penapake, ndipo bwenzi zili bwino akanakupatsani. Ngati likukwera mosalekeza, kusungako kukukupindulirani. Yang'anani phindu pa sheya, osati phindu lonse, chifukwa kampani ikhoza kukulitsa phindu lonse potulutsa masheya atsopano ambiri, gawo lanu n'kumachepa. Makampani ena amachita zosiyana: m'malo mopereka dividendi amagula masheya awo omwe pamsika, masheya n'kuchepa, gawo la aliyense wotsala n'kukula. Izi sizioneka pa peresenti ya dividendi, koma mudzaziona pa chiwerengero cha masheya chikamatsika chaka ndi chaka.

Mlingo woyenera wa gawo logawidwa umasiyana ndi mtundu wa bizinesi. Kampani yogulitsa magetsi kapena madzi, imene makasitomala ake sasintha kwenikweni, ikhoza kugawa 70 kapena 80 peresenti osavutika. Kampani imene phindu lake limalumphalumpha ikagawa chimodzimodzi, dziwani kuti kudula kuli m'njira. Chimodzimodzinso P/E: yerekezani sopo ndi sopo, banki ndi banki, ndiponso kampaniyo ndi mbiri yake yomwe.

Kutsimikiza ndi ndalama zenizeni

Njira yachitatuyi ikadali ndi chofooka chimodzi: ikudalirabe phindu lolembedwa. Phindu ndi ndalama za m'manja si chinthu chimodzi. Kampani ikagulitsa katundu pangongole imalemba phindu lero, ngakhale wogulayo adzalipire pakatha miyezi isanu ndi umodzi, kapena asadzalipire n'komwe. Koma dividendi imalipidwa ndi ndalama za m'manja.

M'lipoti la pachaka muli tsamba loonetsa mmene ndalama zalowera ndi kutuluka, ndipo limagawidwa patatu: za ntchito ya tsiku ndi tsiku, zogulira kapena kugulitsa katundu wokhalitsa, ndi za ngongole ndi eni masheya. Tengani ndalama zimene zalowa kuchokera ku ntchito ya tsiku ndi tsiku, muchotsepo zogulira makina ndi kukonza nyumba, muyerekeze chotsalacho ndi dividendi yonse imene yaperekedwa. Ku kampani ya sopo zalowa 950 miliyoni, makina adya 350 miliyoni, zatsala 600 miliyoni, ndipo dividendi yonse ndi 480 miliyoni. Zikukwana, n'kutsalako. Ku masitolo, amenenso ali ndi masheya 100 miliyoni, zalowa 500 miliyoni, kukonza masitolo kwadya 300 miliyoni, zatsala 200 miliyoni, koma dividendi ndi 600 miliyoni. Kusiyana kwa 400 miliyoni kwatsekedwa ndi ndalama za nyumba ija. Chaka chamawa kudzatsekedwa ndi ngongole, kapena dividendi idzadulidwa.

Muli patsamba lomwelo, onaninso ngati ngongole ikukula chaka ndi chaka. P/E siiona ngongole. Makampani awiri akhoza kukhala ndi P/E ya 12 onse, wina alibe ngongole, wina theka la zimene amapeza limathera ku chiwongoladzanja. Malonda akatsika pang'ono, woyambayo phindu lake limangotsika pang'ono, wachiwiriyo likhoza kutheratu, chifukwa obwereketsa amalipidwa eni masheya asanaone kanthu. Dziwaninso kuti kuyeza kwa ndalama za m'manja kumeneku sikugwira bwino pa mabanki ndi makampani a inshulansi, chifukwa kwa iwo ndalama ndiye katundu wogulitsa. Kumeneko muyang'ane kuchuluka kwa ngongole zimene makasitomala akulephera kubweza.

Ndiye isankhidwe iti?

Peresenti ya dividendi payokha ndi yofulumira koma ndi imene imapweteka anthu ambiri, chifukwa imaika makampani odwala pamwamba pa mndandanda. Ine ndimaiyang'ana pomaliza. P/E payokha ndi yabwinoko, koma pokhapokha mutatsegula lipoti n'kuona kumene phindulo lachokera ndi mmene linalili zaka zapitazo. Kuziphatikiza n'kutsimikiza ndi ndalama za m'manja kumatenga madzulo amodzi pa kampani imodzi, ndipo pa makampani anayi athu aja njira imeneyi yagwira misampha yonse iwiri, wa masitolo ndi wa mgodi.

Pa anayiwo, munthu amene akufuna ndalama zolowa chaka ndi chaka, monga wopuma pantchito, amuyenera ndi sopo, ngakhale 4 peresenti yake ikuoneka yaing'ono pafupi ndi 10 ndi 12. Wachinyamata amene sakufuna ndalamazo msanga akhoza kuganizira ya mapulogalamu, koma alembe kaye papepala kukula kumene mtengo wa 200 ukufuna, adzifunse ngati ali ndi chifukwa chenicheni chokhulupirira 25 peresenti osati 10. Ya mgodi si yoipa, koma woigula aiwerengere pa phindu la 4 ndipo akhale wokonzeka kuona dividendi ikusowa zaka zina. Ya masitolo ndingaisiye mpaka bodi itadula dividendi n'kuonetsa kuti malonda asiya kutsika.

Mphwanga sanagule tsiku lija. Tinatsitsa lipoti la kampani imene inali pamwamba pa mndandanda wake, tinapita molunjika pa tsamba la ndalama zolowa ndi kutuluka, ndipo iye yekha analemba manambala atatu kuseri kwa envelopu: zolowa kuchokera ku ntchito, zogulira makina, ndi dividendi. Atachotsera anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa kuti, "Nanga zotsalazi akuzitenga kuti, achimwene?" Tinatsika mizere inayi patsamba lomwelo, pagawo la ngongole, ndipo tinapeza ngongole yatsopano imene kukula kwake kunali pafupifupi kofanana ndi ndalama zimene zinkaperewerazo.